Chithunzi Chokongola Sichikhala Umboni Nthawi Zonse

Wophunzira wongoyamba kumene luso la dizaini akaona zithunzi ziwiri za mpando womwewo, china chochokera mu Blender ndi china chochokera mu Stable Diffusion, amaganiza kuti zikungosiyana pa liwiro, poti chimodzi chinatenga maola pomwe chinzake chinatuluka m'masekondi. Koma nkhani yagona pa funso limene kompyuta imayankha. Njira yotsata cheza cha kuwala imayankha funso loti: chinthu ichi, ndi miyezo yake iyi, chingaoneke bwanji kuwala kukachiwomba? Njira ya pulomputi, mawu amene munthu amalemba pofotokoza chimene akufuna, imayankha lina: mawu otere amayendera limodzi ndi chithunzi chotani?

Tiyeni titenge mpando wathabwa wotalika masentimita 45 kuchoka pansi kufika pokhalira, uli pafupi ndi zenera, pamwamba pake pali tambula yamadzi. Pa njira yoyamba ija, imene Turner Whitted anaifotokoza mu 1980 ndipo James Kajiya anaizamitsa mu 1986, wojambula amayamba waumba mpandowo mu kompyuta, mwendo ndi mwendo, n'kuika kamera ndi gwero la kuwala. Kenako pulogalamu ngati Cycles ya mu Blender imaponya cheza kuchokera ku kamera kudzera pa pikiselo iliyonse, n'kuchitsata pamene chikunjanja pa thabwa, pakhoma ndi pagalasi mpaka chikafike pa zenera. Chikalowa m'galasi chimapindika motsatira nambala ya `IOR`, yomwe ndi pafupifupi 1.5 pa galasi ndi 1.33 pa madzi. Mthunzi wa mwendo umagwera pamene wagwerapo chifukwa mwendowo watchingadi kuwala.

Mu Stable Diffusion, yomwe inatuluka mu 2022, mulibe mpando, mulibe zenera, mulibenso kamera. Pulogalamuyi imayambira pa chipwirikiti cha timadontho chimene chimachokera pa nambala ya `seed`, ndipo imachiyeretsa pang'onopang'ono, kawirikawiri maulendo 20 mpaka 50, ikulosera maonekedwe ogwirizana ndi mawu aja malinga ndi zithunzi zankhaninkhani zimene inaphunzirapo. Mthunzi umaonekapo chifukwa zithunzi za mipando zimakhala ndi mithunzi, osati chifukwa wawerengetsedwa. N'chifukwa chake diso lozolowera limagwira zolakwika: mithunzi ya miyendo yosaloza ku gwero limodzi la kuwala, mwendo wakumbuyo wothera m'malere, chithunzi cha m'kalilole chosagwirizana ndi chipinda. Njira yotsata cheza nayo imalakwa, koma zolakwika zake zimalondoleka. Timadontho tikachuluka, ndiye kuti cheza choponyedwa pa pikiselo iliyonse chachepa, ndipo mumakweza `Max Samples`. Galasi likaoneka lakuda, nthawi zambiri cheza sichinaloledwe kudutsa maulendo okwanira.

Kusiyanaku kumaonekera poyera kasitomala akanena kuti: "Mpandowu mutsitse ufike masentimita 42, ndipo ndiuone chakumbuyo." Woumba mu Blender amasintha nambala imodzi, amasuntha kamera, ndipo mpando womwewo umatuluka, tambula ili pamalo pake. Wa pulomputi akalemba "masentimita 42", pulogalamu ilibe muyezo woti itsitse, ndipo ngakhale `seed` ikhale yomweyo, mawu atsopanowo akhoza kusintha mawanga a thabwa kapena kapindikidwe ka chotsamira. Kumbuyo kwa mpandowo sikunakhaleko n'kale, kotero kumangopekedwa. Kalipentala sangadule thabwa potengera chithunzi chotere.

Ena angatsutse kuti malirewa afufutika, poti Cycles nayo imachotsa timadontho ndi chida chophunzitsidwa pa zithunzi, ndiponso ControlNet, imene inabwera mu 2023, imalola Stable Diffusion kutsatira mizere ndi kuya kwa chinthu choumbidwa kale. Mfundoyi ndi yoona, koma taonani kumene muyezo ukuchokera. Chochotsa timadontho chimasalaza kuwala kumene kwawerengetsedwa kale, ndipo ControlNet imamvera miyezo ya mpando chifukwa wina anauumba poyamba. Ngakhale pamenepo, kupindika kwa kuwala m'tambula muja kumaloseredwabe. Enanso angati kasitomala amangofuna chooneka bwino. Pa tsiku loyamba zingatero, ndipo apa pulomputi imathandizadi, chifukwa imatulutsa maganizo ambiri a mtundu ndi kaonekedwe musanataye nthawi ndi kuumba. Vuto limadza kasitomala akavomereza chithunzi, n'kulipira, kenako n'kulandira mpando wina.

Choncho wophunzira agwiritse ntchito pulomputi pofufuza maganizo, koma aphunzire kuumba, kuika kamera ndi kuwala, chifukwa luso limenelo ndi limene lidzamuthandize kugwira mthunzi wabodza. Ndipo popereka chithunzi kwa kasitomala, anene mosabisa ngati chili chowerengetsa kapena cholosera.