Zitsekerero Khumi pa Tebulo la Aphunzitsi

Pa sukulu lipoti ya mwana wa ku pulayimale, phunziro lililonse limathera pa nambala imodzi, ndipo makolo ambiri amayesa kuti nambalayo ndi malikisi a mayeso otsekera teremu. Choncho mwana akabwera ndi pepala la Masamu lolembedwa 50, pa lipoti pali 60, kholo limadabwa. Wina pepala lake ndi 70 koma pa lipoti pali 54, ndipo bambo ake amalawirira ku sukulu nkhope ili gwa. Ndakhala ndikuonerera m'mene aphunzitsi ena aakazi a Sitandade 6 amamasulira mfundo imeneyi pa tsiku lotsekera, ndipo luso lawo ndi loyenera kuliyang'anitsitsa.

Sayamba ndi mawu. Amayamba ndi kutsegula kope lalikulu lachikuto cholimba, lomwe masamba ake anawalemba mizere ndi lula teremu isanayambe. Kumanzere kuli mayina a ana motsika. Pamwamba pa danga lililonse pali tsiku, ntchito yomwe anawapatsa, ndi malikisi onse a ntchitoyo: 20, 10, 30, 20. Amaphimba mayina a ana ena ndi pepala, nasiya mzere umodzi wokha poyera, kuti kholo lione za mwana wake osati za mwana wa mnansi. Kenaka chala chimayenda pang'onopang'ono kuchokera kumanzere.

"Mayi, izi ndi ntchito zomwe mwanayu wakhala akundilembera kuyambira pomwe tinatsegulira. Ife timati kontinyuwasi asesimenti, kutanthauza kumuyesa mwana pang'onopang'ono pamene akuphunzira, osadikira tsiku limodzi lomaliza." Mawu achilendowo amawatchula kamodzi kokha, chifukwa kholo lidzawamva kwa mwana kunyumba, ndipo akatero amangoti "ntchito za m'kalasi". Kayesedwe kameneka kanakhazikika m'sukulu za pulayimale ndi maphunziro a PCAR omwe anayamba mu 2007, kotero agogo ambiri omwe akulera zidzukulu sanakaone m'nthawi yawo. Mayesowo ankangobwera kumapeto, basi.

Tsopano pamabwera zitsekerero za mabotolo, zomwezija ana a Sitandade 1 amawerengera. Aphunzitsi amatola khumi, nayika zinayi ku dzanja lamanzere, zisanu ndi chimodzi ku dzanja lamanja. Pa sukulu yawo, ntchito za m'kalasi zimatenga malikisi 40 mwa 100, ndipo mayeso otsekera amatenga 60 otsalawo. Sanena kuti "peresenti". Amati, "Malikisi khumi aliwonse omwe mwana wapeza pa ntchito za m'kalasi amamubweretsera zinayi izi. Khumi aliwonse a pa mayeso amamubweretsera zisanu ndi chimodzi izi." Chimene chimandigometsa n'chakuti kholo lomwe silinapite patali ndi sukulu limaona ndi maso kuti mulu wina ndi waukulu kuposa unzake, ndiponso kuti waung'onowo si wonyozeka.

Akatero amatenga choko. Mtsikana uja wa 50 anapeza 14 pa 20, kenaka 7 pa 10, kenaka 21 pa 30, pomaliza 18 pa 20. Aphunzitsi amawonkhetsa zomwe anapeza, zikwana 60. Amawonkhetsanso zomwe akanatha kupeza, zikwana 80. Apa amaima kaye, chifukwa apa m'pomwe anthu amasokera: 60 ameneyu si wa pa 100 ayi, ndi wa pa 80. Kuti afanane muyeso ndi pepala la mayeso, amamusandutsa kukhala wa pa 100, ndipo 60 pa 80 ndi magawo atatu mwa anayi, ndiye kuti 75. Mu 75 muli makumi asanu ndi awiri ndi theka. Makumi asanu ndi awiriwo, zinayizinayi, akupereka 28, thekalo likupereka 2, pamodzi 30. Ku mayeso, mu 50 muli makumi asanu, lililonse zisanu ndi chimodzi, ndiye 30. Kuphatikiza 30 ndi 30, watuluka 60 wa pa lipoti uja. "Zonse zalowa nkhokwe imodzi, mayi, cha kudimba ndi cha kumunda," amatero akupukuta choko m'manja.

Pali bambo ena odziwako masamu omwe amafulumira kunena kuti 75 ndi 50 ukaphatikiza n'kugawa pawiri upeza 62 ndi theka, nanga enawo apita kuti? Aphunzitsi satsutsa. Amangosuntha chitsekerero chimodzi kuti milu ikhale zisanuzisanu. "Bambo, zikanakhala chonchi mukanalondola." Ndiye amachibwezera pamalo pake. Kugawa pawiri kumagwira ntchito pokhapokha mbali ziwirizo zikulemera mofanana, ndipo dzanja lanena zimenezo mwachangu kuposa pakamwa.

Nkhani ya mnyamata wa 70 ndiyo yovuta. Pa ntchito ziwiri zoyamba anapeza 16 pa 20 ndi 8 pa 10. Ziwiri zinazo sanalembe. Zomwe anapeza ndi 24 pa 80, kutanthauza 30 pa 100, ndipo makumi atatu zinayizinayi ndi 12 okha. Mayeso ake, makumi asanu ndi awiri, akupereka 42. Pamodzi 54. Waposa mtsikana uja ndi malikisi 20 pa mayeso, komabe watsalira pa lipoti. Ndipo poti malipoti a ku pulayimale amaika ana m'magulu anayi, pomwe 4 ndi wa 80 mpaka 100, 3 ndi wa 60 mpaka 79, 2 ndi wa 40 mpaka 59, ndipo 1 ndi wofunika chithandizo, mtsikanayo ali pa 3, mnyamatayo pa 2.

Apa m'pomwe kopelo limaonetsa kuti linalembedwa ndi munthu wosamala. Mwana akalemba n'kulephera zonse, aphunzitsiwa amalemba 0. Akapanda kubwera, amajambula kamzere n'kulemba chifukwa chake m'mbali ndi pensulo. Kusiyana kwake si kwakung'ono. Mnyamatayo akanakhala kuti anagonekedwa m'chipatala ndi malungo, ndipo sukulu yagwirizana zowerenga ntchito ziwiri zokha zomwe analemba, akanakhala ndi 24 pa 30, womwe ndi 80 pa 100, wopereka 32, ndipo pa lipoti pakanalembedwa 74. Madanga awiri okha akusuntha malikisi 20. N'chifukwa chake amaloza masiku a pamwamba pa madangawo n'kufunsa mofatsa, "Masiku awa mwanayu anali kuti, bambo?" Nthawi zina likhala tsiku la msika, nthawi zina maliro, nthawi zina bamboyo sakudziwa n'komwe kuti mwana ankajomba. Ine ndimaona kuti mwana wodwaladi ayenera kupatsidwa mpata wolemba ntchitoyo atachira, ndipo aphunzitsiwa amatero kholo likawadziwitsa msanga, teremu isanathe.

Asanatsanzikane amalipatsa kholo njira yogwirira cholakwa lokha, pakuti munthu wowonkhetsa malikisi a kalasi yodzaza usiku ndi tochi angathe kuphonya. Gawo la ntchito za m'kalasi lisapitirire 40, la mayeso lisapitirire 60. Ndipo nambala yomaliza iyenera kugwera pakati pa ziwiri za pa 100 zija, mopendekera ku mayeso: 60 ali pakati pa 75 ndi 50, koma wayandikira 50. Ikatuluka kunja kwa ziwirizo, penapake palakwika, kholo libwere kope litsegulidwe. Amachenjezanso kuti yemwe ali ndi mwana ku sukulu ina afunse kagawidwe ka kumeneko asanawerenge ndi 40 ndi 60. Za mayeso a MANEB a Sitandade 8 amangoti tidzakambirana mwanayu akafikako, popeza amenewo amachongedwa kwina, osati m'kope lawo.