Masilaidi 40 m'mphindi khumi

Pa misonkhano ya akatswiri a kafukufuku, wapampando akakweza pepala losonyeza kuti kwatsala mphindi ziwiri, wolankhula amene sanakonzeke amadziwika msanga. Amayamba kudina kompyuta mothamanga, masilaidi n'kumadutsa ngati mphezi, iye akungoti "apa tidumphe, apanso tidumphe." Chomvetsa chisoni n'chakuti zimene akudumphazo ndi zotsatira za ntchito yake, chifukwa mphindi zisanu ndi zitatu zathera pa mawu oyamba. Munthu ameneyu anabwera ndi nkhani ya mphindi 45 n'kuganiza kuti kulankhula mofulumira ndiko kuifupikitsa.

Kufupikitsa ndi luso lina, ndipo limayamba ndi masamu osavuta. Pa mphindi khumizo, chotsanipo nthawi yoyenda kupita kutsogolo, yolimbana ndi pulojekita ndi yopereka moni. Zenizeni zotsala ndi zisanu ndi zitatu kapena zisanu ndi zinayi. Munthu wolankhula Chingerezi mosathamanga amanena mawu pafupifupi 130 pa mphindi, choncho nkhani yonse ndi mawu ongopitirira pang'ono 1,000, masamba awiri otayipa. Girafu imodzi yofotokozedwa bwino imadya mphindi ziwiri payokha. Pamenepa sipangakwane masilaidi 40 ngakhale mutawachepetsa zilembo motani.

Tiyeni titenge nkhani yeniyeni. Mu 2018, ofufuza anabaya katemera ana 28,130 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa mu mzinda wa Blantyre, a miyezi isanu ndi inayi mpaka zaka 12. Mwa maere, theka linalandira katemera watsopano wa tayifodi, theka linalo katemera wa matenda oumitsa khosi, ndipo makolo ngakhale madokotala sankadziwa kuti mwana walandira uti. Zotsatira zinasindikizidwa mu 2021 m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine. Tiyerekeze kuti wophunzira wina ali ndi masilaidi 40 ofotokoza kafukufukuyu, ndipo wapatsidwa mphindi khumi.

Ambiri amayamba pa silaidi yoyamba n'kumameta pang'onopang'ono: apa chiganizo chimodzi, apo chithunzi chimodzi. Njira imeneyi ndimaikana kwamtuwagalu, chifukwa imatenga silaidi iliyonse ngati yolemera mofanana ndi inzake. Zikatero mumatsala ndi masilaidi 25 opyapyala, nkhani ikadali yaitali koma mfundo yake yasungunuka. Choyamba n'kutseka laputopu n'kulemba papepala chiganizo chimodzi chimene omvera ayenera kutuluka nacho: katemera wa tayifodi, wobayidwa kamodzi kokha, anateteza ana a ku Blantyre pafupifupi anayi mwa asanu alionse amene akanadwala. Kenako dzifunseni kuti munthu wokayikira angafune kuona chiyani kuti avomereze zimenezi.

Angafune kudziwa kuti magulu awiriwo anali ofanana. Angafune kudziwa kuti "kudwala tayifodi" kunkatsimikiziridwa bwanji. Angafune kuona manambala a odwala mbali zonse ziwiri. Angafunenso kumva pamene umboniwo ukuthera. Silaidi iliyonse mwa 40 ija iyesedwe ndi funso limodzi lokha: ndikaichotsa, kodi wokayikirayo adzakhala ndi chifukwa chokanira? Ngati ayi, ichoke, ngakhale itakhala yokongola, ngakhale inakudyerani sabata yathunthu. Mbiri ya tayifodi padziko lonse, mapu a mayiko, mndandanda wa zimene mukambe, tebulo la zaka za ana m'timagulu ting'onoting'ono, zonsezi zimagwa pa funso limeneli. Chifukwa chochitira kafukufukuyu chimakwana m'masekondi 40: tayifodi imagwira ana ambiri mu Blantyre ndipo mankhwala akale ambiri anasiya kugwira ntchito pa tizilombo take.

Pali silaidi imodzi imene iyenera kupatsidwa malo aakulu kuposa amene inali nawo poyamba. Pa gulu la katemera wa tayifodi anadwala ana 12, pa gulu linalo anadwala 62. Ofupikitsa mopupuluma amafufuta manambala awiriwa n'kusiya 80.7 peresenti yokha, yaikulu pakati pa khoma, poganiza kuti apulumutsa nthawi. Apa ndi pamene mfundo imafera. Peresentiyo omvera amangoilandira chifukwa choti mwanena ndinu, pomwe 12 ndi 62 atha kuziwerengera okha: magulu ndi ofanana kukula, 12 ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a 62, ndiye magawo anayi aja apewedwa. Munthu akadzipezera yekha yankho m'mutu saiwala. Silaidi imeneyi ndingaipatse mphindi ziwiri zathunthu, ndipo mutu wake ukhale chiganizo chonena zimene zapezeka. Mutu wongoti "Zotsatira" suuza munthu kalikonse.

China chimene chimadulidwa msanga ndi malire a umboni, chifukwa nthawi zambiri amakhala pa silaidi ya kumapeto, ndipo wolankhula amaona ngati akudzichotsera ulemu. Pa kafukufukuyu, odwala owerengedwa anali ana amene anabwera kuchipatala ndi kutentha thupi, magazi awo n'kupezeka ndi tizilombo ta tayifodi mu labotale. Kuyeza kotereku kumaphonya odwala ena, ndipo mwana amene anadwalira kunyumba sanawerengedwe. Komanso pa lipoti la 2021 anawo anali atatsatiridwa kwa miyezi 18 mpaka 36 basi. Kunena zimenezi sikupitirira theka la mphindi, koma kukasowa, omvera amapita kwawo akukhulupirira zoposa zimene kafukufuku anaonetsa. Wofupikitsa amakhala wanama popanda kunena bodza lililonse.

Kuti malire obisika ndi oopsa, umboni wake ulipo. Chombo cha Columbia chili m'mlengalenga mu Januwale 2003, mainjiniya a Boeing anakonzera akuluakulu a NASA masilaidi onena za chidutswa chimene chinamenya phiko pa nthawi yonyamuka. Edward Tufte, katswiri wa kaonetsedwe ka manambala, anaunika imodzi mwa masilaidiwo pambuyo pake. Mutu wake unali wolimbitsa mtima, pomwe mfundo yakuti chidutswacho chinali chachikulu kuwirikiza mazana angapo kuposa zimene zinayesedwapo inali pansi, m'zilembo zing'onozing'ono. Chombocho chinasweka pobwerera pa 1 Febuluwale, anthu asanu ndi awiri n'kufa. Silaidi yokha sinagwetse chombo, koma inaika chenjezo pamalo amene wowerenga wothamanga safikapo.

Wophunzira wathu tsopano watsala ndi masilaidi asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu. Enawo asawafufute. Awasunthire kumapeto, kapena awabise ndi Hide Slide mu PowerPoint, chifukwa wina adzafunsa za zovuta zobwera ndi katemera kapena za ana osakwana zaka zisanu, ndipo yankho lidzakhala pafupi. Kuti adziwe ngati mfundo yatsala yamoyo, awerenge mitu yokha ya masilaidi motsatana. Ikamveka ngati ndime imodzi yolumikizana, zili bwino. Ikadumpha penapake, wadula fupa poyesa kuchotsa mafuta.

Kenako ayeserere mokweza mawu, ataimirira, wotchi ikuyenda, pamaso pa mnzake wosadziwa za kafukufukuyu. Kuwerenga chamumtima kumanamiza, chifukwa maso amathamanga kuposa lilime. Ikakwana mphindi khumi ndendende kunyumba, pa tsikulo idzapitirira, choncho alinge zisanu ndi zinayi. Akamaliza amufunse mnzakeyo kuti wamva chiyani. Akatchula katemera, 12 ndi 62, komanso kuti owerengedwa anali okhawo otsimikiziridwa mu labotale, ntchito yatheka. Akangoti "zinali za tayifodi ku Ndirande," abwererenso papepala lija.