Mphuno ya mu selefi si ya mwiniwake

Katuni ya munthu yatheka ngati mnzake, atangoiona, watchula dzina asanauzidwe. Zambiri zomwe anthu amaika pa WhatsApp sizifika pamenepo. Nkhope imakhala yosalala, maso aakulu, kachibwano kosongoka, ndipo mwiniwake timangomudziwira chipewa.

Chomwe timazindikirira munthu ndi pomwe nkhope yake yasiyana ndi nkhope wamba. Mu 1982 Susan Brennan, ali ku MIT, anapanga pulogalamu ya kompyuta yoyerekeza nkhope ya munthu ndi ina, n'kukulitsa kusiyanako. Wojambula ndi pensulo amachita zomwezo m'mutu. Amadziwa kuti mwa anthu ambiri maso amakhala pakatikati pa mutu, ndipo mpata wa pakati pa maso umalingana ndi diso limodzi. Akapeza pomwe munthu wapatuka pa muyesowo, amakokera komweko.

Koma selefi imanama. Foni ikakhala pafupi, chomwe chayandikira kamera chimakula: mphuno imatupa, makutu amathawira kumbuyo. Kafukufuku wina wa mu 2018 anapeza kuti chithunzi chojambulidwa pa masentimita 30 chimakulitsa mphuno ndi pafupifupi 30 peresenti poyerekeza ndi cha pa mita imodzi ndi theka. Wojambula wosachenjera amaona chimphuno n'kuchikulitsanso, motero wakokomeza bodza la kamera, osati nkhope ya munthu. Mafoni ambiri amatembenuzanso chithunzi ngati galasi, kadontho ka patsaya lamanzere n'kupezeka kumanja. N'chifukwa chake wodziwa ntchito amapempha chithunzi china, chojambulidwa ndi munthu wina ataima patali pang'ono.

Tiyerekeze bambo wa dazi, wa nsidze zothithikana zotsikira pamaso, ndi mpata pakati pa mano akutsogolo. Mu selefi mphuno yake ndi yaikulu, koma pa chithunzi chapatali ndi wamba. Mphunoyo isiyeni, timizere tiwiri tikwana. Kwezani chipumi, koma potero finyani kunsi kwa nkhope, chifukwa mukakulitsa zonse ndiye kuti simunakulitse kanthu. Mpata wa mano muutanule pang'ono. Nsidze ndiye muzipatse nthawi yokwanira: kunenepa kwake, pomwe zapindikira, ndi momwe zayandikirira diso. Akatswiri a ku MIT anapeza mu 2003 kuti anthu amavutika kwambiri kuzindikira nkhope yodziwika ikachotsedwa nsidze kuposa ikachotsedwa maso. Ojambula ambiri amathera tsiku pa maso, nsidze n'kungozikhwatcha.

Apa m'pomwe mapulogalamu ngati Bitmoji amaperewera. Mumasankha tsitsi, mphuno ndi magalasi pa mndandanda, chilichonse chooneka bwino pachokha, koma kutalikirana kwa ziwalozo kumangosintha pang'ono, pomwe munthu weniweniyo ali m'kutalikiranako. Ndipo nawonso eni nkhope amaononga: "Mundichotse makwinyawo," "mundiyeretseko khungu." Wojambula akamvera zonse, amatulutsa munthu wokongola wosadziwika kwawo.

Mukamaliza, chepetsani katuniyo ifike kukula kwa chikhadabo, monga idzaonekera pa foni. Ngati bambo uja wasowa, musawonjeze mizere. Bwererani ku maonekedwe a mutu ndi nsidze.