Za Nsici za Mpanda: Kuda kwa Mtengo Si Umboni

Alimi ambiri a ku Katete ndi Petauke akafuna kuchinga munda kuti ng'ombe zisalowe, amagula nsici za bulugamu poyang'ana kuda kwake ndi kununkha kwa phula. Kaweruzidwe kameneka nkolakwa, pakuti nsici siifera pamene maso aona. Imafera pamene yakomana ndi nthaka, pomwe cinyezi ndi ciswe zigwirira nchito pamodzi.

Mankhwala akuda aja, ochedwa kiliyosoti, akangopakidwa ndi burashi amakhala pakhungu pokha. Mtengo ukang'aluka ndi dzuwa, ciswe ciloŵa pamng'alupo nkudya m'kati, kunja kukali kwakuda bii. Ogwira nchitoyi moyenera amayamba aumitsa mtengo, nauika m'thanki yotseka, nakankhira mankhwala m'kati ndi mphamvu ya makina. Tsono wogula wanzeru apemphe kuti amdulire nsici imodzi pakati. Mtima wa bulugamu sumwa mankhwala, cotero kuyera kwake kusamdetse nkhawa. Koma mnofu wonse wozinga mtimawo uyenera kukhala utamwa. Akapeza kamzere kakuda koonda ngati cikhadabo, asiye, angakhale mtengo wake ukhale wotsika. Ndipo akafupikitsa nsici yabwino, mbali yodulayo iloze kumwamba, isaloŵe m'dzenje.

Ena, atapsa mtima ndi ciswe, amati nsici zonse zikhale za konkire. Iwonso apitirira muyeso. Munda wa mamita 100 mbali zonse zinai uli ndi mpanda wa mamita 400, ndipo poimika nsici pa mamita 5 alionse zifunika 80. Mwa zimenezi, zimene waya azikoka ndi mphamvu ndi 6 zokha: zinai za pangondya ndi ziŵiri za pacipata. Izi ndizo zoyenera konkire wokhala ndi zitsulo zinai m'kati, wothiriridwa madzi masiku osacepera 7 ataumbidwa, ndipo iliyonse ikhale ndi mcirikizo wopendama. Zina 74 zingonyamula waya. Kuzipanga za konkire nkutaya simenti ndi kutopetsa ng'ombe zokoka ngolo, ndiponso konkire woonda amathyoka ngolo ikamgunda, osapindika konse.

Nsici zacitsulo zikhomeka msanga ndipo lupsa silizitha, koma kudambo dzimbiri lizidya patsinde, ndipo zimazulika mosavuta usiku. Munda wakutali ndi mudzi suziyenera.

Pa za moto, mtengo ndiwo ugonja, makamaka uja wobiriŵira wa mankhwala a mkuwa ndi aseniki. Ukagwira moto umanyeka pang'onopang'ono kufikira kutha, ndipo phulusa lake ndi ululu umene ng'ombe zikonda kunyambita. Wosankha mtengo wotere alambule udzu m'mbali zonse ziŵiri za mpanda mvula ikangotha, ndipo zidutswa zake asazitengere kukhichini.