Mizere 6 ya amayi a ku Kawale

Mtsikana wina wa ku Kawale, amene amayi ake amakazinga mandasi, pofuna kuwalembera ndakatulo ya tsiku lawo lobadwa, anayamba ndi kulemba mawu amodzi chotsitsa kumanzere kwa pepala, chilembo chilichonse pamzere wakewake. Ndakatulo yake inayenera kumera pa zilembozo, kuti woyang'ana zilembo zoyamba zokha awerenge mawu obisikawo.

Poyamba anasankha CHIKONDI, koma anakakodwa pa mzere wachiwiri. M'Chichewa C sayenda yekha, amatsagana ndi H, ndiye mzere woyamba umatenga zonse ziwiri, wachiwiri n'kufunanso H wakewake. Mawu oyamba ndi H alipo ochepa, monga hafu ndi hema, ndipo sakanamuthandiza. MADALITSO anaona kuti ndi aatali, mizere 9 pakakadi kakang'ono. Anakhazikika pa ZIKOMO.

Zaka 60 zakwana lero, amayi,
Inu amene tambala amakupezani mukukazinga mandasi.
Kawale yense amadziwa utsi wa mbaula yanu,
Opala moto m'mamawa amayambira pakhomo panu.
Msana wanu unatibereka tonse asanu,
Onani, lero ndife tikukufululirani tiyi.

Chimene chimandigometsa ndi mmene anagonjetsera M. Munthu ukamayankhula ndi amayi mwaulemu, mneni aliyense amafuna kuyamba ndi "mu": munatilera, munatiphunzitsa, mumadzuka. Ukangolekerera, mizere yonse iyamba ndi M. Mtsikanayu anatembenuza ziganizo, n'kuika patsogolo dzina lokhala ndi chilembo chofunikacho: zaka, Kawale. I anangomupatsa "Inu", mawu amene mwana wolemekeza amayamba nawo kale. Ndipo atafika pa M weniweniyo sanalembe "munatibereka". Anasankha msana, chifukwa umaoneka ndi maso, chitenje chake ndi mfundo yake pachifuwa.

Mtima wa ntchito unali pa O, amene amabwera kawiri. Mzere wachinayi unayamba ndi "Okondedwa amayi athu", iye n'kuwafufuta ndi cholembera. Anachita bwino, pakuti mawuwo akanakwanira mayi aliyense wa ku Biwi kapena ku Mgona. Anakhala akutafuna chivundikiro cha cholembera mpaka anakumbukira anansi obwera ndi kachitsulo kudzatenga khala loyatsira mbaula zawo. "Opala moto" anadzaza malo a O, n'kunenanso kuti amayiwa ndiwo amayamba kudzuka pamdadada wonse, popanda kutchula mawu akuti khama. O wachiwiri anamusandutsa pempho, "Onani", ndipo ndakatulo inachoka ku zakale n'kufika pa tsiku lobadwa lenilenilo.

Pomaliza anayesa ntchito yake ndi khutu. Anawerengera mng'ono wake mokweza, pepala atalibisa. Mzere wokakamizidwa umamveka msanga, womvera amakwinya nkhope pa mawu oyamba. Mng'onoyo anamvetsera mpaka kumapeto osazindikira kuti muli mawu obisika. Apo ndi pamene mtsikanayo anakopera mizereyo pakadi, zilembo zoyamba ndi cholembera chofiira, zazikulu pang'ono kuti amayi aziwerenge opanda magalasi.