Mizere inayi ya pulani ya golide

Mnyamata wina amene ankaphunzira malonda a golide pa kompyuta ananditumizira pulani yake Lamlungu pa 3 Disembala 2023, msika usanatsegule. Inali mizere inayi yokha, ndipo ndikuilemba momwe anailembera:

XAUUSD, tchati cha tsiku. Rezisitansi ili pa 2,075.
Golide wabwezedwa pamenepa katatu: 2020, 2022 ndi 2023.
Akadutsa 2,075 ndigula.
Sitopu losi pa 2,070.

Pulani iyi ndimailemekeza. Mwini wake anaona malo oyenera kuona, analemba maganizo ake msika usanayende, ndipo anaikiratu malo otulukira zinthu zikavuta. Ambiri sachita ngakhale chimodzi mwa zitatuzi. Koma mizere yonse inayi yatsamira pa nambala imodzi, ndipo nambalayo siingasenze katundu amene waikidwa pa iyo.

Mzere woyamba ukunena zoona mbali ina. Rezisitansi ndi malo pa tchati pamene mtengo ukakwera umakumana ndi ogulitsa ambiri n'kubwerera pansi, monga momwe sapoti ili malo pamene mtengo ukatsika umakumana ndi ogula ambiri n'kubwerera m'mwamba. Nambala ya 2,075 sanangoitola. Pa 7 Ogasiti 2020, m'nthawi ya mliri, golide anafika pafupifupi madola 2,075 pa aunsi, mtengo umene anali asanaufikepo. Mnyamatayu anatenga nsonga ya tsiku limenelo, nakoka mzere wopingasa kuchokera pamenepo, ndipo anati mpanda ndi umenewu.

Mzere wachiwiri ndi umene ukutsutsa woyamba, ngakhale unalembedwa kuti uuchitire umboni. Akuti golide wabwezedwa "pamenepa" katatu. Tiyeni tione maulendo atatuwo. Mu Ogasiti 2020 mtengo unabwerera pa 2,075. Pa 8 Malichi 2022, nkhondo ya ku Ukraine itangoyamba, unabwerera pafupi ndi 2,070, osaukhudza n'komwe mzere uja. Pa 4 Meyi 2023, pamene mabanki ena a ku America ankagwa, nsonga yake inali yosiyana malinga ndi tchati chimene munthu akuyang'ana: kwa ena inathera pansi pa 2,075, kwa ena inafika cha m'ma 2,080. Choncho maulendo atatu atipatsa manambala atatu, ndipo lachitatulo anthu sagwirizana. Chimene chinabwerezedwa katatu ndi dera, lotambalala madola angapo.

Kusagwirizanaku kuli ndi chifukwa chake. Golide amene timamuona pa XAUUSD sagulitsidwa pa msika umodzi wokhala ndi bolodi limodzi. Mabanki ndi amalonda akuluakulu amagulitsana okhaokha, makamaka kudzera ku London, ndipo buloka aliyense amatenga mitengo kwa omwe amachita nawo malonda, n'kuonjezerapo kake. Palinso msika wa COMEX ku New York wa golide wodzaperekedwa m'tsogolo, umene mu Ogasiti 2020 unafika pafupifupi 2,089 pamene winawu unali pa 2,075. Munthu akamati mzere wake ndi wolondola mpaka pa dola imodzi, ndiye kuti ndi wolondola pa tchati cha buloka wake yekha.

Chifukwa china chili mwa anthu ogula ndi ogulitsa. Onse amaona nsonga yakale ija, koma sapangana. Wina amayamba kugulitsa pa 2,050 poopa kuti mtengo sufika pamwamba. Wina amadikira 2,070. Amene anagulitsa kale amaika masitopu awo pamwamba pang'ono pa nsonga, ndipo mtengo ukawafika iwo amakakamizika kugula, zimene zimaukankhira m'mwamba kwa kanthawi. Carol Osler, katswiri wa zachuma amene anagwirapo ntchito ku nthambi ya ku New York ya banki yaikulu ya America, anafufuza maoda enieni a pa msika wa ndalama zakunja m'kafukufuku wake wa 2003. Anapeza kuti maoda otengera phindu amaunjikana pa manambala othera ndi ziro, pamene masitopu amaunjikana kungodutsa pang'ono manambala amenewo. Kafukufukuyo sanali wa golide, koma akutionetsa kuti maoda amamwazikana mozungulira nambala, ena kutsogolo ena kumbuyo. Pa gombe la nyanja palibe amene angaloze pamene madzi amathera. Amaloza mchenga wonyowa, pamene mafunde ena amalekeza msanga ndipo ena amapitirira.

Ndiye akanajambula bwanji? Pa tchati cha tsiku, kandulo iliyonse ili ndi thupi, lomwe limasonyeza pamene mtengo unatsegulira ndi pamene unatsekera, komanso mchira, womwe umasonyeza pamene unangofika n'kubwerako. M'malo mwa chida chokokera mzere, munthu amatenga chojambulira bokosi, chomwe chilipo pa TradingView ndi pa MetaTrader. M'mphepete mwa m'mwamba mwa bokosi amaika pamene michira inathera, apa ndi cha pa 2,080. M'mphepete mwa m'munsi amaika pamene makandulo a pansonga anatsekera. Pa 6 Ogasiti 2020 golide anatsekera pafupi ndi 2,063, ndipo pa 8 Malichi 2022 ndi pa 4 Meyi 2023 anatsekera cha m'ma 2,050. Bokosi likutuluka lochokera pa 2,050 kufika pa 2,080, kenaka amalikokera kumanja mpaka lero. Limeneli ndilo zoni.

Kutambalala kwake kuyenera kuyesedwa, chifukwa bokosi lingathenso kunama. Munthu akajambula kuchokera pa 2,000 mpaka 2,150, sadzalakwitsa konse, komanso bokosilo silidzamuuza kanthu. Muyeso wabwino ndi ATR, chida chimene chimaonetsa kuti mtengo umayenda mtunda wotani pa tsiku wamba. M'nyengo imeneyo golide ankayenda madola 20 kapena kupitirirapo pang'ono pa tsiku, choncho zoni ya madola 30 inali ulendo wa tsiku limodzi ndi theka. Kwa ine zoni ya pa tchati cha tsiku ikaposa ulendo wa masiku awiri, ndimaikayikira kuti mwina ndaphatikiza madera awiri osiyana.

Tsopano mzere wachitatu, umene ndi mtima wa pulani yonse: "Akadutsa 2,075 ndigula." Sananene kuti kudutsa ndi chiyani. Kodi ndi kungokhudza 2,076 kwa mphindi imodzi, kapena ndi kutsekera tsiku pamwamba pake? Usiku womwewo msika unamuyankha. Lachisanu pa 1 Disembala golide anali atatsekera pafupi ndi 2,072, anthu akuyembekezera kuti chiwongola dzanja ku America chitsika. Msika utatsegula, cha m'ma 1 koloko usiku nthawi ya kuno, amalonda ali ochepa, mtengo unalumpha mpaka cha m'ma 2,135. Tsiku lomwelo la 4 Disembala unagwa n'kutsekera pafupi ndi 2,030. Wotsatira pulani ija anagula pa 2,075, anaona phindu la madola 60 pa aunsi, ndipo popeza sanalembe potengera phindu, dzuwa lisanalowe sitopu yake inali itagundidwa.

Ndinene mosabisa kuti bokosi palokha silikanamupulumutsa tsiku limenelo, chifukwa mchira uja unadutsanso 2,080 ndi mtunda wautali. Chimene chikanamuteteza ndi bokosi pamodzi ndi lamulo loti kandulo ya tsiku itsekere kunja kwake. Bokosi limagawa tchati patatu: pamwamba, pansi, ndi m'kati momwe nkhondo idakali yosatha. Mzere umagawa pawiri pokha, ndipo umakakamiza munthu kunena kuti "wadutsa" kapena "sanadutse" ngakhale pamene msika sunanene kanthu. Pa 27 Disembala golide anatsekera pafupi ndi 2,077. Kwa wa mzere, uku kunali kudutsa kwenikweni, kotsimikizidwa ndi kutseka kwa tsiku. Kwa wa bokosi, mtengo unali udakali m'kati. Mawa lake unafika cha m'ma 2,088 n'kubwerera, ndipo pakati pa Febuluwale 2024 unali pansi pa 2,000.

Pali chiyeso chimodzi pano chimene ndimachiona kawirikawiri. Mchira wautali ngati wa pa 4 Disembala ukaoneka, munthu amafuna kufutukula bokosi kuti liuphimbe. Asatero. Mchira umodzi wa usiku umodzi sungasamutse dera limene latsimikizika zaka zitatu, ndipo bokosi limene limasunthidwa nthawi iliyonse mtengo ukalitsutsa lasanduka chithunzi cha zimene zachitika kale.

Mzere wachinayi ukuika sitopu pa 2,070, madola 5 pansi pa pogulira. Mwini wake anaganiza kuti akuchepetsa chiopsezo. Koma 2,070 ili m'kati mwa dera limene mtengo umapita n'kubwerera, ndipo madola 5 golide amawayenda m'kanthawi kochepa popanda nkhani iliyonse. Sitopu iyenera kukhala pamene ganizo lako laonekeratu kuti linali lolakwa, ndipo kwa wogula pamwamba pa zoni, pamenepo ndi pansi pa bokosi lonse, tinene pa 2,040.

Apa ndi pamene bokosi limalipiritsa. Kudutsa kwenikweni kunabwera mu Malichi 2024. Pa 1 Malichi golide anatsekera pafupi ndi 2,083, madola atatu okha pamwamba pa bokosi, zomwe wochenjera akanazikayikirabe. Pa 4 Malichi anatsekera cha m'ma 2,114, ndipo apa panalibenso chokayikitsa. Koma wogula pa 2,114 wokhala ndi sitopu pa 2,040 waika pachiswe madola 74 pa aunsi iliyonse. Kwa mabuloka ambiri loti imodzi ya golide ndi maaunsi 100, ndipo yochepetsetsa imene amalola, 0.01, ndi aunsi imodzi. Mnyamata uja ndi sitopu yake ya madola 5 akanatha kugula maaunsi 10 n'kutaya madola 50 okha. Ndi sitopu yoyenera, ngakhale aunsi imodzi ikumuika pa chiopsezo cha madola 74, ndipo ngati mu akaunti yake muli madola 500, ndiye pafupifupi 15 peresenti ya zonse ali nazo. Munthu wotere ndingamuuze kuti malonda amenewa awasiye apite, ngakhale tchati chikuoneka bwino chotani. Kufupikitsa sitopu kuti igwirizane ndi thumba ndiko kubwerera ku mzere wachinayi uja.

Ena amati ndi bwino kudikira mtengo ubwerere kudzakhudza pamwamba pa bokosi, popeza rezisitansi yothyoledwa kawirikawiri imasanduka sapoti, ndipo pamenepo sitopu imakhala pafupi. Nthawi zambiri nzeru imeneyi imathandiza. Ulendo uno golide sanabwerere. Mu Epulo 2024 anali atadutsa 2,400, ndipo amene ankadikira pa 2,080 sanagule kanthu.