Chingwe cha Mwindo

Amene anafikako kwa Shikabeta, ku Rufunsa m'dziko la Asoli, amadziwa kuti mlendo akakana nsima wanyoza mwini nyumba. Ngakhale utakhuta, umasamba m'manja, n'kutema mbamu imodzi, kuti ubale ukhalepo. Mwambo umenewu ndi umene unanditsegula maso pa nthano za ngwazi zimene zinatsikira kudziko la akufa n'kubwerako, chifukwa kawirikawiri msampha wake ndi mbale ya chakudya. Persefone wa Agiriki anadya njere za khangaza, ndipo chaka chilichonse ankayenera kubwerera pansi. Izanami wa ku Japani, m'buku la Kojiki la m'chaka cha 712, anauza mwamuna wake kuti wachedwa, iye wadya kale za kumeneko. Ukadya ndi akufa wasanduka m'bale wawo.

Koma amene anaiumba bwino nkhaniyi kuposa onse amene ndawawerenga ndi Candi Rureke, mlakatuli wa mtundu wa Anyanga a kum'mawa kwa Kongo. Mu 1956 anafotokozera Daniel Biebuyck nthano ya Mwindo kwa masiku 12, akuimba ndi kuvina, ndipo inatuluka m'buku mu 1969.

Mwindo ndi mwana amene anabadwa akuyenda kale, atagwira litchowa m'manja. Bambo ake, mfumu Shemwindo, sankafuna mwana wamwamuna, choncho anayesa kumupha. Zitakanika, anathawira pansi pa dziko, mwana n'kuwalondola. Apa ndi pamene luso la Rureke limandigwira mtima. Mwindo asanatsike, anasiyira azakhali ake, Iyangura, nsonga ya chingwe, n'kuwauza kuti chikaleka kugwedezeka adziwe kuti wafa.

Taganizani ntchito imene chingwe chimenechi chikugwira. Wofotokoza nthano ya kumanda ali ndi vuto: akatsika ndi ngwazi yake, omvera amaiwala za kumudzi, ndipo imfa imasanduka ulendo wokaona malo. Rureke wasiya munthu pamwamba, mayi wokhala pansi atagwira chingwe, ndiye womvera aliyense amakhala Iyangura. Muisa, mwini dziko lapansilo, atatuma lamba wake kuti akafinye Mwindo mpaka kukomoka, wofotokozayo amatichotsa pamalo a ndewu n'kutibwezera kwa azakhali, chingwe chili zii m'manja mwawo. Imfa ya ngwaziyo timaimva monga mmene imfa imafikira pamudzi, kudzera mwa wodikira. Kenako litchowa limamutsitsimutsa, chingwe n'kuyambanso kugwedezeka. Agogo athu amachita zofananazo ndi "tili tonse". Mawu amenewo nawonso ndi chingwe, kuti wonena nthano adziwe kuti sanatsike yekha.

Nanga za chakudya zija? Rureke sanaziike ngati lamulo logwa kumwamba. Mwindo akukumana ndi Kahindo, mwana wamkazi wa Muisa, thupi lonse lili zilonda. Mtsikanayo ndiye akumuchenjeza kuti asakhale pampando umene apatsidwe, asamwe mowa, asadye chakudya, pakuti mowawo ndi mkodzo wa Muisa ndipo chakudyacho ndi chimbudzi chake. Mwindo akumusambitsa, zilonda n'kupola. Amene anakulira kuno akumbukira nthano ya mtsikana wolowa m'dziwe n'kutsuka zilonda za nkhalamba. Njira ya pansi amaidziwa ndi munthu amene ena amanyansidwa naye. Ndipo taonani mmene Rureke wapepukitsira mlandu wa kukana nsima: wasandutsa ulemu wa mwini nyumba kukhala nyansi, moti omvera, amene sangakane mbale kwa mnansi, akuseka n'kuvomereza kuti mnyamatayo wachita bwino.

Ntchito zimene Muisa akumupatsa, kulima munda wa nthochi ndi kufula uchi, ndi za tsiku ndi tsiku. Kumanda kwa Rureke kuli mfumu, mabwalo ndi minda ngati kwathu konkuno.

Chimene Mwindo anakatenga pansipo n'chimene chimasiyanitsa nthanoyi ndi zinzake. Orfeyo wa Agiriki anatsikira mkazi wake, n'kumutaya chifukwa chocheuka. Mwindo sanatsikire wokondedwa. Anakatenga munthu wothawa mlandu. Anabwera nawo bambo ake pabwalo, iwo n'kuulula pamaso pa anthu zonse zimene anachitira mwana wawo, ndipo dziko linagawidwa pakati pa awiriwo. Mwana amene anali ndi mphamvu zopha sanawaphe bambo akewo. Kwa ine, pa maulendo onse a kudziko la akufa, uwu ndiye wolukidwa mwaluso kwambiri, chifukwa umathera pabwalo la milandu, anthu a m'mudzi akumva okha.